Ka apositirofe m'mapepala a kukhoti ndi m'makontirakiti: pomwe timalakwitsa ndi mmene mungakagwirire

Anzanga amene mumatayipa mapepala a maloya, kaya ndinu sekilitale, kalaliki kapena loya amene mwangoyamba kumene, ndikufuna tikambirane za kachizindikiro kaja kooneka ngati mpatuliro koma kokhala m'mwamba, ka apositirofe, kamene pa phunziro la Chichewa tinkati nkhodolero. Ife m'Chichewa timakadziwa bwino pa mawu ngati ng'ombe, m'nyumba, n'zoona, koma sitikagwiritsa ntchito posonyeza mwini chinthu. Umwini ife timaunena ndi wa, za, cha, ya: ngongole ya wobwereka, ngongole ya obwereka, ndipo khutu limamva lokha ngati ndi munthu mmodzi kapena ambiri. Tsono mapepala a kukhoti kwathu kuno amalembedwa m'Chingerezi, ndipo m'Chingerezimo `Defendant's` ndi `Defendants'` zimamveka chimodzimodzi ukamawerenga mokweza. Loya akamakuuza pakamwa zoti utayipe sungamve kusiyana kwake olo utatchera khutu bwanji, kusiyanako kumaoneka papepala basi. Kachibwera ine mu ofesi ya maloya, vuto limeneli limabwerera mwezi ndi mwezi.

Ndiyambe ndi zimene zinachitika pa desiki yanga, chifukwa m'menemo muli pafupifupi zonse.

Kilayanti wathu anapereka katundu pa ngongole ku kampani ina, ndalama zokwana K18,000,000, ndipo madayilekita awiri a kampaniyo anasayinira kuti kampani ikalephera adzabweza ndi iwo. Kampani inalepheradi, ndiye tinasumira onse atatu: kampani ngati `1st Defendant`, madayilekita aja `2nd Defendant` ndi `3rd Defendant`. Mlandu uli mkati, wachiwiri uja anabwera kudzera mwa loya wake kuti iye apereka K6,000,000 kuti atuluke mu mlanduwo yekha, otsalawo tipitirize nawo. Kilayanti anavomera. Abwana analemba pamanja chigwirizano choti jaji akachivomereze, ndipo mzere wofunika kwambiri unkati ndalamazo zikuperekedwa `in full and final settlement of the Defendant's liability`. Mnyamata wina amene anali pa atachimenti anapatsidwa kuti aone zolakwika, iye anayang'ana pamwamba pa pepala n'kuona kuti osumiridwa alipo atatu, ndiye mwa mtima wabwino ndithu anasintha paliponse pamene panali `Defendant's` kukhala `Defendants'`. Mzere uja unasanduka `in full and final settlement of the Defendants' liability`.

Taonani bwino zimene zachitika apa. Kachizindikiro kangosuntha kudumpha chilembo chimodzi, koma pepala tsopano likunena kuti K6,000,000 ija yathetsa ngongole ya onse atatu, ndiye kuti K12,000,000 yotsala kilayanti waisiya. Ndinaziona nditapulinta kale makope atatu, ndili pafupi kuika sitepula, chifukwa ndili ndi chizolowezi chomasulira mzere wa ndalama m'Chichewa chamumtima ndisanautulutse. Nditati "ngongole ya osumiridwa" mtima unagunda, popeza m'mawa womwewo ndinamva abwana pafoni akunena za munthu mmodzi. Ndinalowa mu ofesi mwawo ndi pepalalo, ndati abwana, apa tikumasula mmodzi kapena onse? Anavula magalasi, kuwerenga kawiri, kenako anatenga bolopeni yofiira n'kukhwatcha mzere wonse. Sanabwezere ka apositirofe pamalo pake poyamba ayi. Analemba kuti `the liability of the 2nd Defendant only`, n'kuwonjezera mzere wina wonena kuti wodandaula akusunga ufulu wake wonse wopitiriza mlandu ndi `1st Defendant` komanso `3rd Defendant`. Anandifotokozera kuti pa ngongole imene anthu amangidwa nayo limodzi, ukamasula mmodzi osanena kuti ena aja sukuwamasula, ena aja angathe kunena kuti nawonso amasuka, ndiye mzere wachiwiriwo unali wofunika payokha.

Chimene ndinatolapo ndi chakuti zolembedwa zoyamba zija nazonso sizinali bwino. `the Defendant's liability` pa mlandu wa osumiridwa atatu, Defendant wake uti? Mnyamata uja analakwitsa inde, koma chiganizo chinamusiyira mpata woti alakwitse.

Ndiye lamulo lake lenileni ndi lalifupi, ndipo ine ndimalitsata motere. Choyamba iwalani za chizindikiro, funsani kuti chinthuchi n'cha ndani, ndipo muwerenge anthuwo kuchokera pa mutu wa mlandu kapena pa ndime imene ikutchula mbali za kontirakiti, osati kuchokera m'mutu mwanu. Kenako lembani mwiniyo yekha mmene amalembedwera popanda umwini. Akakhala mmodzi ndi `Claimant`, akakhala angapo ndi `Claimants`. Mukatero ndiye muike ka apositirofe kumapeto kwa mawu amene mwalembawo, ndipo ngati mawuwo sakuthera ndi s ya unyinji muwonjezere s. Basi. Mmodzi akhala `Claimant's`, angapo `Claimants'`. Njira yoyesera ndi kuphimba ndi chala kuyambira pa chizindikiro kupita kumanja, chimene chatsala kumanzere ndiye mwini wake. Chikatsala `Tenant` ndi walendi mmodzi, chikatsala `Tenants` ndi angapo, ndipo chikatsala chinthu chosakhala mawu, monga mu `partie's` kapena `companie's`, dziwani kuti mwalakwitsa. Zoyenera ndi `party's` ndi `parties'`, `company's` ndi `companies'`. Mawu amene unyinji wake suthera ndi s amatenga 's wamba, ndiye pa wilu kapena pa mapepala a chuma cha masiye ndi `children's`, osati `childrens'`, chifukwa mawu oti childrens kulibe.

Pomasulira m'Chichewa paja pali msampha umodzi woti musamale nawo. Ife timalemekeza ndi unyinji, munthu mmodzi wamkulu timati "odandaula abwera", "obwereka sanalipire". Ndiye mukamayesa, gwiritsani nambala: ngongole ya munthu mmodzi, kapena ya anthu atatu. Ndaonapo wina akutayipa `Landlords'` pa lisi ya nyumba ya bambo mmodzi, chifukwa m'mutu mwake ankati "eni nyumba" mwaulemu.

N'chifukwa chiyani vutoli silitha olo anthu akudziwa lamulo? Ine ndaona kuti nthawi zambiri gwero lake ndi templeti. Palibe amene amalemba samoni kapena lisi kuyambira pa pepala loyera, timatsegula fayilo ya mlandu wina wakale n'kusintha maina. Fayilo yakaleyo inali ya wosumiridwa mmodzi, watsopanowu uli ndi awiri, munthu amasintha mutu ndi ndime yoyamba, koma pa tsamba lachinayi `the Defendant's vehicle` yatsala momwemo. Pamene malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku High Court anasintha mu 2017, mawu oti Plaintiff n'kulowedwa m'malo ndi Claimant, maofesi ambiri anangotsegula matempleti n'kudina `Ctrl+H` kenako `Replace All`. Izi zimasintha tsinde lokha, `Plaintiff's` imakhala `Claimant's`, ndipo cholakwika chilichonse chakale chimasamukira m'mawu atsopano osakhudzidwa. Komanso musadalire kamzere kofiira ka mu Word. `Defendant's`, `Defendants'` ndi `Defendants` onse ndi mawu olondola m'Chingerezi, kompyuta siidziwa kuti mlandu wanu uli ndi anthu angati.

Chimene chimagwira ntchito ndi chotopetsa pang'ono koma sichitenga mphindi khumi. Dinani `Ctrl+F`, lembani tsinde lokha, monga `Defendant`, ndipo muyende malo alionse amene lawonekera, limodzilimodzi, mukufunsa funso lomwe lija loti ndi angati. Mukamaliza chitani chimodzimodzi ndi `Claimant`, `Tenant`, `Guarantor`, `Part`, malinga ndi pepala lanu. Musadine `Replace All` pa ntchito imeneyi, chifukwa m'pepala limodzi lomwelo malo ena akufunika mmodzi ena akufunika onse, ndipo ndi pomwe mnyamata wa atachimenti uja anagwera. Templeti ikakhala ndi zinthu ngati `Defendant(s)` kapena `Plaintiff'(s)`, zichotseni, sankhani chimodzi.

Zimenezi si nkhambakamwa. Ku Florida, ku America, mu 2013 khoti la apilo linagamula mlandu wa Bradshaw v. Boynton-JCP Associates, ndipo nkhani yake inali ya pepala lopempha kuti mlandu uthere panja. Kumeneko lamulo limati mbali ina ikakana pempho lotere kenako mlandu n'kuiyendera moipa, ikhoza kulipira ndalama za maloya a anzawo. Khoti laling'ono linali litapereka ndalamazo, koma la apilo linazichotsa, ponena kuti pepalalo linasokoneza ma apositirofe moti sizinkadziwika ngati likunena za mmodzi kapena angapo, ndipo linkaoneka kuti linangotengedwa pa fomu osakonzedwa mokwanira. Ku Australia nakonso, mu 2021, khoti la ku New South Wales linakana kuthetsa mlandu woipitsa mbiri umene unachokera pa zimene wogulitsa nyumba wina analemba pa Facebook, zoti bwana wake wakale salipira penshoni ya `employees`, popanda chizindikiro. Iye ankati ankatanthauza wantchito mmodzi, iye mwini, koma jaji anaona kuti owerenga akanamva kuti ndi antchito ambiri, chimene ndi chinenezo chachikulu kuposa.

Sindikunena kuti chizindikiro chikalakwika ndiye basi mlandu waluza. Majaji amawerenga pepala lonse, ndipo cholakwika chikakhala choonekeratu, mwachitsanzo lisi ili ndi walendi mmodzi yekha koma pena palembedwa `Tenants'`, aliyense amadziwa chimene chimatanthauzidwa ndipo palibe amene angapite nazo patali. Ngozi ili pomwe matanthauzo onse awiri ali otheka, monga pa nkhani yathu ya K6,000,000 ija, pamene kumasula mmodzi n'zomveka ndipo kumasula onse n'zomvekanso. Ena amadalira ndime ija imene imakhala koyambirira kwa makontirakiti ambiri yoti mawu a chimodzi akuphatikiza zambiri ndipo a zambiri akuphatikiza chimodzi. Ndimeyo imathandiza pa zinthu wamba, koma pamene mukufuna kupatula munthu mmodzi pa gulu ndiye imakupwetekani, chifukwa mbali inayo idzati onani, `Defendant's` akuphatikiza onse malinga ndi ndime yanu yomwe. Ndiye pa mzere uliwonse wa ndalama, wa kumasula munthu, wa amene alipire zowonongedwa pa mlandu, ine ndimakonda kuti chizindikiro chichokeretu, palowe `of` ndi dzina kapena nambala ya munthuyo.

Palinso pena pamene anthu awiri atchulidwa motsatana. `the 1st and 2nd Defendants' counterclaim` ndi chinthu chimodzi cha onse awiri. Koma ngati aliyense ali ndi chake, aliyense atenge chizindikiro chake, `the Seller's and the Buyer's costs`. Mukalemba `the Seller and Buyer's costs` zikumveka ngati ndalama zimene awonongera limodzi. Ndipo pambuyo pa `each` kapena `either` pamabwera mmodzi nthawi zonse, `each party's`, pomwe pambuyo pa `both` kapena `all` ndi `parties'`. Za nthawi nazo zimatsata lamulo lomweli, `one month's notice` koma `three months' notice`, `14 days' notice`. Izi sizisintha tanthauzo kwenikweni chifukwa nambala ilipo kale, zimangoonetsa kuti pepala silinawerengedwe, ndiye zikonzeni mudutse. `its` ya umwini ilibe chizindikiro, ndipo `it's` ndi chidule cha it is chimene sichiyenera kupezeka m'kontirakiti n'komwe, mukaipeza pa `Ctrl+F` pafupifupi nthawi zonse ndi yolakwika.

Tsopano maina a makampani, apa ndiye malamulo a galamala aja muwaike pambali kaye. Dzina la kampani silikonzedwa, limakoperedwa. Mmene lalembedwera pa satifiketi yolembetsera kampani ndi momwemo, kaya likuoneka lolakwika m'maso mwanu. Chitsanzo chimene chimandithandiza kuphunzitsa atsopano ndi cha ku London. `Lloyd's` wokhala ndi chizindikiro ndi msika wa inshulansi, dzina lake linachokera ku nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd, pomwe `Lloyds Bank` wopanda chizindikiro ndi banki, ndipo ndi mabungwe awiri osiyana kotheratu. Mukachotsa kapena kuwonjezera kachizindikiro mwaloza kwina. `Barclays` ndi `Harrods` alibe, `McDonald's` ali nako, ndipo ogulitsa mabuku a `Waterstones` anali nako koma anakachotsa mu 2012. Palibe lamulo la galamala limene lingakuuzeni zimenezi, muyenera kuona pepala. Komanso dzina la pa chikwangwani si nthawi zonse limakhala dzina la m'kaundula: masitolo ena a ku Britain amalemba `Sainsbury's`, koma kampani yaikulu ndi `J Sainsbury plc`. Kuno kwathu n'chimodzimodzi, musatenge dzina pa chikwangwani cha shopu, pa invoisi kapena pa mmene kilayanti walembera pa WhatsApp, pemphani kope ya satifiketi kapena fufuzani kwa Registrar of Companies. Kusumira dzina lolakwika kawirikawiri kumakonzeka, koma ndi pempho lina kukhoti, nthawi ina, ndalama zina, ndipo pa chikole cha ku banki kapena pa chigamulo chimene mukufuna kukalanda nacho katundu simufuna kuti wina apeze pothawira poti dzina silikufanana.

Nanga mukafuna kunena kuti chinthu n'cha kampaniyo? Chizindikiro chimapita kumapeto kwa dzina lonse, osalowa mkati. Tiyerekeze kampani ndi `ABC Holdings Limited`. Madayilekita ake ndi `ABC Holdings Limited's directors`. Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi `ABC Holding's Limited`, pamene munthu waona s n'kuganiza kuti pakufunika chizindikiro, ndipo apo wasintha dzina la kampani. Kampani ndi munthu mmodzi pamaso pa lamulo olo dzina lake litamveka ngati gulu, monga `XYZ Brothers Limited`, ndiye ikakhala yokha pa mlandu ndi `the Defendant's`, osati `Defendants'` chifukwa choti pali abale. Dzina likakhala kuti lili kale ndi 's, ngati `McDonald's`, simuwonjezera ina pamwamba, mumatembenuza chiganizo n'kugwiritsa `of`. Koma njira imene imachotsa mutu wonsewu ndi kulemba dzina lonse kamodzi kokha pa ndime yoyamba, mokopera chilembo ndi chilembo, n'kulipatsa dzina lalifupi ngati `the Company` kapena `the Supplier`, kenako pepala lonse muziti `the Company's`. Makampani akakhala awiri apatseni maina osiyana, wina `the Borrower` wina `the Guarantor`, musamati `the Companies'` pena `the Company's` pena, chifukwa mubwerera ku vuto loyamba lija.

Pa dzina la chinthu chimodzi lothera ndi s, monga James kapena Kansas, anthu amakangana ngati ndi `James'` kapena `James's`. Apa musataye nthawi, zonse ziwiri zimalembedwa ndi anthu odziwa. Mu 2006 pa mlandu wa Kansas v. Marsh ku khoti lalikulu la America, Jaji Thomas analemba `Kansas'` pomwe Jaji Souter analemba `Kansas's` m'chigamulo chomwecho. Sankhani njira imodzi ya ofesi yanu n'kuisunga pepala lonse. Ine ndimakonda `James's` chifukwa imaonetsa kuti ndi munthu mmodzi. Chimene sichiloledwa ndi kudula dzina, `Jame's`, kapena kwa a Banks kulemba `Bank's`, pamenepo munthu wasanduka banki. Banja lonse likakhala pa mlandu, yambani mwapanga unyinji kenako chizindikiro, `the Joneses' property`, ngakhale kunena zoona m'pepala la kukhoti ndi bwino kungoti `the property of the 1st and 2nd Defendants`.

Chomaliza ndi cha maina athu a kuno amene ali ndi chizindikiro mkati, aja a ng' ndi M' koyambirira. Pamenepo si umwini, ndi mbali ya dzina, ndiye musakachotse poganiza kuti mukukonza, komanso musakaike pamene mwini wake sakaika pa chiphaso chake. Word imasintha kachizindikiro koongoka ka pa kiyibodi kukhala kopindika yokha, papepala zilibe kanthu, koma mukakopera dzinalo kupita pa fomu ya pa intaneti kapena mukamasaka mu Excel, kopindika ndi koongoka ndi zilembo ziwiri zosiyana kwa kompyuta, ndipo ikhoza kukuuzani kuti dzinalo kulibe pomwe lilipo. Zikatero fufutani kachizindikiroko mukatayipenso pamanja pa fomu pomwepo, kapena sakani ndi mbali ya dzina imene ili pambuyo pake. Dzina lotere likafuna umwini limakhala ndi zizindikiro ziwiri, cha mkati ndi cha kumapeto, zimaoneka zachilendo koma ndi zolondola, ndipo ngati abwana sakuzikonda tembenuzani chiganizo muike `of` patsogolo pa dzinalo.